Mbatatesi imodzimodzi, ogula anayi: wamalonda wa mpamba wochepa ku Angonia atsate uti?

Aliyense amadya mbatatesi, koma zimenezi sizikutanthauza kuti aliyense ndi kasitomala wanu. Thumba limodzi lochokera m'dimba la ku Tsangano kapena ku Domwe limakhala ndi katundu wa anthu osiyanasiyana. Muli zikuluzikulu zimene wokazinga tchipisi amafuna, zapakatikati zimene mayi wa pamsika amaika pamulu, zing'onozing'ono zotsika mtengo, ndi zotemeka ndi khasu zimene palibe angazilipire. Wamalonda akamagulitsa thumbalo osasankha, wogula aliyense amalipira poganizira gawo limene sakulifuna, ndipo mtengo umatsika.

Kugawa msika m'magulu kumayambira pamenepa. Mumaika pamodzi ogula amene amafuna chinthu chofanana, amagula muyeso wofanana, ndipo amalipira m'njira yofanana. Kenako mumasankha gulu limodzi loti mudziwike nalo. Anthu ambiri amagawa ogula potengera kumene amakhala kapena kulemera kwawo, akumudzi ndi am'tauni, olemera ndi osauka. Pa malonda a mbatatesi kugawa kotereku sikuthandiza kwenikweni, chifukwa wokazinga tchipisi wa ku Ulongwe amafanana kwambiri ndi mnzake wa ku Zobwe kusiyana ndi mayi wogulitsa pamulu amene wakhala naye moyandikana. Funso lothandiza ndi lakuti: munthuyu akagula mbatatesi amakachita nayo chiyani, ndipo ndalama yake imabwera liti?

Tiyerekeze ndi wamalonda mmodzi wa ku Ulongwe amene ali ndi mpamba wa mametikali 60,000. Mitengo imene tigwiritse ntchito ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, inu muikepo ya sabata imene mukuwerenga. Iye amapikula matumba 40 a makilogalamu 50 pa mtengo wa 1,000 lililonse, ndiye kuti 40,000, ndipo kuwatuta kuchoka kumunda kufika pamalo pake kumadya 50 pa thumba, yonse 2,000. Akakhuthula ndi kusankha amapeza makilogalamu 800 a zikuluzikulu, 800 a zapakatikati, 320 a zing'onozing'ono, ndi 80 a zotaya. Katundu ndi yemweyu m'njira zonse zinayi zimene tione pansipa. Chikusintha ndi munthu womugulitsa.

Eni malole

Njira yosavutitsa ndi yogulitsa matumba onse kwa opikula amene amabwera ndi malole kudzatenga katundu wopita ku Tete, ku Beira ndi kwina. Safunsa zambiri. Amatsegula matumba awiri kapena atatu, nkutchula mtengo, nkulipira pompo. Ngati akugula pa 1,100, wamalonda wathu amapeza 50 pa thumba, yonse 2,000, ndipo ndalama yabwerera pasanathe masiku atatu. Akazungulira kawiri pa sabata ndiye 4,000.

Vuto ndi lakuti pagulu limeneli mulibe chimene mungadziwike nacho. Mwini lole ali ndi foni, amadziwa mtengo wa ku Tete m'mawa womwewo, amadziwanso njira yopita kwa mlimi yemwe inu mwagulako. Mtengo ukangotsika ndi 60 pa thumba pakati pa tsiku logula ndi tsiku logulitsa, mwagwira ntchito yolipira nokha. Njirayi imakomera munthu wa mpamba waukulu amene amasonkhanitsa matumba mazanamazana, kapena amene ali ndi galimoto yake. Kwa wa matumba 40 ndi pothawira pamene katundu wachuluka ndipo wayamba kufota, osati pomangapo malonda.

Mahotela ndi malo odyera a ku Tete ndi ku Moatize

Apa mpamene mitima ya ambiri imathamangira, ndipo mpomveka. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene kuli migodi ya malasha, kuli malo odyera ndi makichini ophikira antchito amene amafuna mbatatesi sabata iliyonse, ndipo kumeneko nkotentha moti mbewuyi siichita bwino ngati kumtunda kuno. Mtengo wake umakoma kuumva.

Tinene kuti hotela yavomera kutenga makilogalamu 800 a zikuluzikulu sabata iliyonse pa 45. Ulendo wochoka ku Ulongwe kudzera pa Mussacama ndi wa makilomita oposa 200. Matumba 16 pa 200 lililonse ndi 3,200, ndipo ulendo wa mwini wake, chakudya ndi anyamata otsitsa katundu tiike 1,500. Pofika, wakukhichini amasankhanso, nkubweza zosupuka khungu, zobiriwira ndi zimene zayamba kununkha chifukwa chophikika m'thumba padzuwa la panjira. Akabweza gawo limodzi mwa magawo 10, mwalipidwa makilogalamu 720, amene ndi 32,400. Kuchotsa 4,700 ya ulendo kwatsala 27,700. Ndi ndalama yabwino, ndipo monga tionere, ikuposa ya okazinga tchipisi ndi pafupifupi 3,000 pa sabata.

Msampha uli pa tsiku lolipira. Ogula otere kawirikawiri salipira pamanja. Amafuna fakitula yokhala ndi nambala ya msonkho ya NUIT, ndipo ambiri amalipira patapita masiku 30 kudzera kubanki. Tsono tiwerenge. Sabata yoyamba wamalonda wathu watulutsa 40,000 yogulira, 2,000 yotutira, 800 ya osankha ndi 4,700 ya ulendo, yonse 47,500. Yobwera pamanja ndi ya zapakatikati ndi zing'onozing'ono zokha zimene wagulitsa konkuno, zomwe monga tionere ndi 23,840. M'thumba mwake mwatsala 36,340. Sabata yachiwiri akufunikanso 47,500, ndipo alibe. Hotela sinamubere kalikonse, ngongole yake ili m'buku bwinobwino, koma iye walephera kale kubweretsa muyeso umene analonjeza, ndipo wakukhichini sadikira. Amaimbira wina.

Kuti apirire mpaka malipiro oyamba afike, akufunika kutseka dzenje la 23,660 sabata iliyonse kwa masabata anayi, nkukhalanso ndi yogulira katundu wa sabata yachisanu. Zonse pamodzi zikupitirira pang'ono 140,000, kuposa kawiri mpamba umene ali nawo. Ndipo apa tikuganiza kuti malipiro abwera pa tsiku lake, chinthu chimene amene anachitapo malondawa angakuuzeni kuti musachiwerengere. Palinso china: kasitomala ndi mmodzi. Wogula katundu wa hotelayo akasinthidwa, kapena kampani ikachepetsa antchito, msika wonse watha tsiku limodzi.

Gulu limeneli ndi labwino kwa munthu amene ali ndi mapepala, mpamba wopirira miyezi iwiri, ndi malo odyera atatu kapena anayi ogawana lole imodzi. Wa 60,000 aliyang'ane ngati kumene akupita, asayambireko.

Okazinga tchipisi

Anyamata a pachiwaya saoneka ngati msika wolemekezeka, nchifukwa chake ambiri amawadumpha. Koma taonani mmene amagulira. Amagula tsiku lililonse, muyeso wake susinthasintha kwambiri, ndipo ndalama amaigwira tsiku lomwelo. Chimene amafuna nchodziwikiratu, ndipo chifukwa chake nchomveka. Mbatatesi yaikulu imasendeka msanga ndipo makoko ake amatenga gawo lochepa, pamene ndowa ya zing'onozing'ono imathera m'makoko ndi m'nthawi. Mbatatesi yokhwima bwino, yosachuluka madzi, imamwa mafuta ochepa ndipo tchipisi chake chimauma kunja. Yokumbidwa isanakhwime imatulutsa tchipisi cholobodoka chimene chimamwa mafuta, ndipo mafuta ophikira ndi amene amadya phindu la pachiwaya. Chinanso, wokazinga akachoka pamalo pake kupita kukasaka mbatatesi kumsika, moto ukuzima ndipo makasitomala akupita kwa mnzake.

Choncho munthuyu amalolera kulipira pang'ono pamwamba ngati walandira zosankhidwa kale, pamalo pake, nthawi isanakwane yoyatsa moto. Tiike okazinga 6, aliyense makilogalamu pafupifupi 20 pa tsiku. Makilogalamu 800 aja atha m'sabata imodzi. Pa mtengo wa 32 ndi 25,600, ndipo wanjinga wogawa katundu m'mawa uliwonse pa 150 amadya 1,050 pa sabata.

Kusankha gulu limodzi kumasiya funso limene ambiri amaiwala: nanga zotsalazo zipita kuti? Mukachotsa zikuluzikulu zonse, mwini lole sangagulenso zotsalazo pa mtengo wakale. Apa mpamene amayi a pamsika amalowera ngati gulu lachiwiri. Iwo zapakatikati zimawakomera, chifukwa mulu wa mbatatesi 7 kapena 8 umaoneka wodzadza kusiyana ndi wa zitatu zikuluzikulu, ngakhale sikelo itanena zofanana. Makilogalamu 800 pa 25 ndi 20,000, ndipo zing'onozing'ono 320 pa 12 ndi 3,840. Zonse zolowa ndi 49,440. Zotuluka ndi 40,000, 2,000, 800 ndi 1,050, yonse 43,850. Phindu la sabata ndi 5,590, ndipo mpamba wonse wabwerera pofika tsiku lokapikulanso.

Njirayi ili ndi minga yake. Munga woyamba ndi ngongole. Wokazinga adzati: "Achimwene, siyani katunduyo, ndalama mudzatenge madzulo." Zimenezi zilibe vuto ngati lamulo lili limodzi kwa onse ndipo lanenedwa tsiku loyamba: katundu wa lero amatsika pokhapokha wa dzulo atalipidwa. Mukalola masiku atatu kwa mmodzi, enawo amva lisanalowe dzuwa, ndipo okazinga 6 okhala ndi ngongole ya masiku atatu agwira ndalama yoposa 11,000, imene ndi phindu la masabata awiri. Kulandira kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kumathandiza, chifukwa simuyenda usiku kutolera ndalama ndipo uthenga umakhala umboni. Munga wachiwiri ndi wakuti malonda a pachiwaya amakwera ndi kutsika. Tsiku la msika ndi kumapeto kwa mwezi amafuna zambiri, mvula ikagwa tsiku lonse amatsala ndi katundu. Muziwafunsa madzulo muyeso wa mawa m'malo mongoganizira. Munga wachitatu ndi kasungidwe, poti katundu akhala kwa inu sabata yathunthu. Mbatatesi ikhale pamdima, pouma, podutsa mphepo, yosagunda pansi. Ikaona kuwala imasanduka yobiriwira, imawawa, ndipo gawo lobiriwiralo lili ndi poizoni. Yonyowa imodzi yowola imapatsira zinzake m'thumba, ndiye muzitembenuza ndi kuchotsa zodwala masiku awiri alionse.

Alimi ofuna mbewu

Wina angaone makilogalamu 320 a zing'onozing'ono aja nkuganiza zowasunga kuti adzagulitse ngati mbewu nthawi yobzala, mtengo utakwera. Ife sitilimbikitsa zimenezi kwa munthu amene amapikula kwa alimi osiyanasiyana. Mbatatesi yaing'ono ya m'thumba la pamsika ikhoza kuchokera ku mapando odwala, amene anabereka zazing'ono chifukwa cha matendawo. Matenda ofotetsa mbewu ndi ena oyenda ndi nsabwe za m'masamba amabisala m'kati mwa mbatatesi yooneka bwinobwino, ndipo ofotetsa aja amatsalira m'nthaka kwa zaka. Mlimi akabzala mbewu yanu munda nkufota, dzina lanu latha m'mudzi wonse, kuphatikizapo kwa alimi amene mumapikulako. Msika wa mbewu ndi wa munthu amene anaona munda uli wobiriwira, amadziwa mtundu wake, ndipo ali ndi nkhokwe yolowa kuwala pang'ono yoti mbewu iphukire mphukira zazifupi zolimba. Imeneyo ndi bizinesi ina, ndipo ndalama yake imagona miyezi.

Kuyesa gulu musanadzipereke

Masamu apamwambawa ndi a papepala. Musanagule matumba 40, tengani sabata imodzi ndi kope. Yendani m'mawa ndi madzulo, muwerenge ziwaya zimene zikuyaka masiku onse, osati tsiku la msika lokha, ndipo muone mtunda wake ngati njinga imodzi ingazifikire zonse mu ola limodzi. Gulu limene lili ndi ndalama koma lamwazikana kuyambira ku Ulongwe mpaka kumalire a Dedza silingatumikiridwe ndi munthu mmodzi.

Pofunsa, pewani funso lakuti "mungagule kwa ine?" Aliyense amavomera mwaulemu. Funsani za dzulo: munagula zingati, kwa ndani, pa mtengo wanji, munataya zingati posenda, ndipo ndi liti pamene munasowa mbatatesi? Mayankho a zimene zinachitika kale sanama kwambiri. Ngati okazinga 4 mwa 6 akudandaula za chinthu chimodzi, monga zazing'ono zobisidwa pansi pa ndowa, mwapeza poimirira. Ngati onse akuti amene amawagulitsa panopa alibe vuto, ndiye kuti mudzalowa ndi kutsitsa mtengo basi, ndipo gululo si lanu.

Kenako perekani makilogalamu 5 kwa awiri kapena atatu pa mtengo wanu weniweni, mukhale pomwepo akukazinga. Osapereka ulere, chifukwa chaulere chimayamikiridwa ngakhale chili choipa.

Amene ali pafupi ndi malire, monga ku Biriwiri, aganizirenso ndalama imene gulu lililonse limalipira. Ogula ochokera ku Malawi amabwera ndi makwacha, pamene mlimi wa mbali ino angafune mametikali. Phindu la 50 pa thumba likhoza kuthera kwa wosintha ndalama. Ogula a makwacha ndi gulu palokha, ndipo mtengo wawo uziwerengedwa mutasintha kale ndalamayo pa mtengo wa tsikulo.

Adzakutchulani kuti chiyani?

Mukasankha gulu, chotsatira ndi malo amene mukufuna kukhala m'mutu mwa ogulawo. Njira yoyesera ndi iyi: wokazinga watsopano akafunsa mnzake kuti mbatatesi amagula kuti, mnzakeyo anene chiyani za inu m'mawu ochepa? "Kwa bambo aja a zotchipa" ndi malo amodzi. "Kwa mayi aja osasakaniza, amafika 6 koloko isanakwane" ndi malo ena. Onsewa ndi otheka, koma simungakhale ponse pawiri. Wa mpamba wochepa sangapambane pa kutchipa, chifukwa nthawi zonse padzapezeka mlimi wobwera yekha ndi ngolo amene sawerengera thukuta lake. Chimene mlimiyo sangachite ndi kubwera tsiku lililonse, chaka chonse, ndi katundu wofanana.

Lonjezo likhale limodzi kapena awiri, looneka ndi maso. Kunena kuti "mbatatesi zabwino" nkosathandiza, poti aliyense amatero. Kunena kuti "iliyonse yoposa dzira la nkhuku, mukapeza yaing'ono kapena yowola ndisintha mawa" ndi lonjezo limene munthu angathe kuliyesa. Kuti likwaniritsidwe, osankha asamayeze ndi maso okha. Boolani bowo pathabwa, la masentimita 6 m'mimba mwake, kapena muyeso umene mwagwirizana ndi okazingawo. Yodutsa pabowo si ya pachiwaya. Gulitsani pa sikelo kapena pa ndowa imodzi yodziwika imene munaiyeza pamaso pawo, ndipo tsiku loyamba khuthulani ndowayo pansi kuti aone kuti zapansi ndi zapamwamba nzofanana. Mtengo muzisintha kamodzi pa sabata, mutawauziratu, chifukwa wokazinga sangasinthe mtengo wa mbale tsiku lililonse.

Lonjezoli limabwereranso kumunda. Ngati mwadziwika ndi mbatatesi yosasupuka, muzigula kwa alimi amene amadula masamba pafupifupi masabata awiri asanakumbe, kuti khungu likhwime. Poyesa, tikitani ndi chala chachikulu. Khungu likasendeka, yakumbidwa msanga, siikhalitsa. Alimi amene matumba awo amatulutsa zikuluzikulu zambiri muziwawonjezera pang'ono, chifukwa masamu onse aja adalira pa makilogalamu 20 a zikuluzikulu pa thumba. Zikatsika kufika pa 14 ndipo zinazo nkulowa m'gulu la zapakatikati, mwataya 7 pa kilogalamu iliyonse mwa makilogalamu 240, imene ndi 1,680, ndipo choipa kwambiri nchakuti okazinga anu asowa katundu masiku awiri omaliza a sabata.

Malo amene mwamanga amagumuka nthawi ya kusowa. Mbatatesi ikachepa pakati pa zokolola za mvula ndi za m'madimba, mtima umafuna kuponyamo zapakatikati zingapo pansi pa ndowa. Wokazinga amasenda iliyonse ndi dzanja lake, ndiye amadziwa tsiku lomwelo. Kuli bwino kumuuza poyera kuti sabata ino zikuluzikulu zachepa, atenge theka pa mtengo wake ndi theka la zapakatikati pa mtengo wotsika. Chinanso chogumula ndi mlendo wobwera ndi ndalama zambiri tsiku limodzi nkufuna zikuluzikulu zonse. Mukamupatsa, mwapeza 2,000 yapamwamba lero, koma anthu 6 amene amakupatsani 25,600 sabata iliyonse agona ndi ziwaya zozizira.

Kope lija likuuzani ngati zikuyenda. Pakatha masabata anayi, onani ngati okazinga amene munayamba nawo akugulabe masiku osachepera asanu pa sabata, ngati pali watsopano amene anabwera atatumizidwa ndi mnzake, komanso ngati kukambirana kwa m'mawa kwachoka pa mtengo nkupita pa muyeso wa mawa. Wina akayamba kutenga theka la muyeso wake wanthawi zonse popanda chifukwa, ndiye kuti theka linalo akugula kwina. Pitani nthawi yosenda mukaone makoko ndi zimene wataya pambali, musanamufunse chilichonse.